Gram-Schmidt yakale, yokonzedwa, yobwereza kawiri kapena Householder: musankhe iti?

Muli ndi mavekita n, aliyense ali ndi manambala m, ndipo mwawaimika ngati mizati ya matirikisi A. Mukufuna mavekita ena q₁, q₂, mpaka qₙ, aliyense wotalika 1, opingasana pa madigiri 90, omwe akufikira dera lomwelo limene mizati ya A ikufikira. Mukawapeza mumalemba A = QR, pomwe mizati ya Q ndi ma q aja, ndipo R ndi matirikisi yokhala ndi maziro okhaokha pansi pa mzere wake wopingasa. Papepala njira zonse zinayi zimene tikambe pano zimapereka yankho limodzi, kupatula zizindikiro za + ndi −. Pa kompyuta zimasiyana, ndipo nthawi zina zimasiyana kwambiri.

Maziko a Gram-Schmidt ndi mthunzi. Ngati q ndi vekita wotalika 1, nambala qᵀa ndi kutalika kwa mthunzi wa a pa q. Mukachotsa mthunziwo, chotsalacho, a − (qᵀa)q, chimapingasana ndi q. Ndiye mumatenga mzati uliwonse, kuchotsa mithunzi yake pa ma q onse amene mwapeza kale, kenaka kugawa chotsalacho ndi kutalika kwake. Dzinali ndi la Jørgen Pedersen Gram, amene analembapo mu 1883, ndi Erhard Schmidt, mu 1907, ngakhale kuti Laplace anali atagwiritsa kale ntchito maganizo omwewa zaka zambiri m'mbuyomo.

Miyeso yosankhira

Njira iliyonse tiiona pa zinthu zinayi. Mtengo ndi chiwerengero cha mafulopu, ndiko kuti kuphatikiza ndi kuchulukitsa konse, komanso kuchuluka kwa nthawi zimene mapurosesa ayenera kuima n'kudikirana. Kupezeka ndi funso loti kodi njirayo ilipo kale m'malaibulale odalirika kapena mudzilembera nokha. Kusamalira ndi zimene muyenera kumayang'anira khodi ikamagwira ntchito. Zoopsa ndiye nkhani yaikulu: ma q amapendekeka bwanji kuchoka pa madigiri 90, ndipo mungadziwe bwanji.

Kuti mumvetse zoopsazo pafunika manambala awiri. Yoyamba ndi u, kukula kwa cholakwa chimene kompyuta imapanga ikamadula madijiti otsala. Mu `float64`, u = 2⁻⁵³, pafupifupi 1.1 × 10⁻¹⁶; mu `float32`, u = 2⁻²⁴, pafupifupi 6 × 10⁻⁸. Yachiwiri ndi κ(A), nambala yosonyeza kuti mizati ya A yayandikana bwanji ndi kudalirana. Mizati ikakhala yopingasana kale ndiponso yofanana kutalika, κ ndi 1. Ikamaloza pafupifupi mbali imodzi, κ imakula kwambiri. Kupendekekako timakuyeza ndi ‖I − QᵀQ‖, imene ikanakhala 0 pakanapanda kudula madijiti.

Chitsanzo choyesera njira zonse

Tigwiritsa ntchito matirikisi yotchedwa ya Läuchli, ya mizere 4 ndi mizati 3, ndi ε = 10⁻⁸:

a₁ = (1, ε, 0, 0), a₂ = (1, 0, ε, 0), a₃ = (1, 0, 0, ε).

Mavekitawa ndi osadalirana, koma onse atatu akuloza pafupifupi mbali imodzi. Apa κ ili pafupi ndi √3/ε, kapena 1.7 × 10⁸. Nambala ε yasankhidwa dala: ε² ndi 10⁻¹⁶, yocheperako pa u, motero kompyuta ikawerengera 1 + ε² imapeza 1 ndendende. Ndi cholakwa chokhachi chimene tikufunika kuchilondola.

Masitepe awiri oyamba ndi ofanana m'njira yakale ndi yokonzedwa. Kutalika kwa a₁ kumatuluka 1, ndiye q₁ = (1, ε, 0, 0). Mthunzi wa a₂ pa q₁ ndi 1, chotsala ndi (0, −ε, ε, 0), ndipo tikachigawa ndi kutalika kwake, √2·ε, timapeza q₂ = (0, −1, 1, 0)/√2. Taonani kuti q₁ᵀq₂ si 0 ayi, ndi −ε/√2, pafupifupi −7 × 10⁻⁹. Cholakwa cha 10⁻¹⁶ chakula kufika pamenepa chifukwa tachotsa manambala awiri oyandikana kwambiri, madijiti akutsogolo afafanizika, kenaka tagawa ndi nambala yaing'ono. Palibe njira ya Gram-Schmidt yodutsa kamodzi imene ingapewe zimenezi. Kusiyana kwake kuli pa zimene imachita nacho cholakwachi ikafika pa a₃.

Njira yakale, CGS

Iyi ndi imene imaphunzitsidwa m'kalasi. Mithunzi yonse ya mzati aⱼ imayezedwa pa aⱼ woyambirira, kenaka imachotsedwa yonse.

```python
v = A[:, j].copy()
for i in range(j):
    R[i, j] = Q[:, i] @ A[:, j]
    v -= R[i, j] * Q[:, i]
R[j, j] = np.linalg.norm(v)
Q[:, j] = v / R[j, j]
```

Mtengo. Pafupifupi mafulopu 2mn². Ngati m = 100,000 ndi n = 50, amakwana 5 × 10⁸. Ubwino weniweni wa CGS suli pa chiwerengerochi. Popeza mithunzi yonse ya mzati umodzi sidalirana, imawerengeredwa pamodzi ngati kuchulukitsa matirikisi ndi vekita, `dgemv` mu BLAS, ndipo mavekita akagawidwa pa mapurosesa ambiri `MPI_Allreduce` imodzi, imene imaphatikiza zimene mapurosesa onse apeza, imakwanira mithunzi yonseyo.

Kupezeka. Ndi mizere yochepa yolemba nokha. Laibulale ya LAPACK ilibe ntchito ya Gram-Schmidt, koma GMRES, njira yothetsera Ax = b mobwerezabwereza, mu laibulale ya PETSc imagwiritsa ntchito CGS mukapanda kuiuza zina.

Kusamalira. Palibe chosintha m'khodi, koma muyenera kudziwa κ ya deta yanu nthawi zonse, ndipo zimenezi si zotsika mtengo.

Zoopsa. Pa a₃, mthunzi pa q₁ ndi 1. Mthunzi pa q₂ umayezedwa pa a₃ woyambirira: q₂ᵀa₃ = 0, chifukwa pamene q₂ ali ndi manambala a₃ ali ndi maziro. Ndiye palibe chochotsa, chotsala ndi (0, −ε, 0, ε), ndipo q₃ = (0, −1, 0, 1)/√2. Tsopano werengerani q₂ᵀq₃. Ndi 1/2. Mavekita awiri amene amayenera kupingasana pa madigiri 90 ali pa madigiri 60, m'matirikisi ya mizati itatu yokha.

Kupendekeka kwa CGS kumakula ngati κ²u. M'chitsanzo chathu κ²u ili pafupi ndi 3, kutanthauza kuti palibe dijiti ngakhale imodzi yodalirika. Mu `float64` malirewa amafika κ ikakhala cha m'ma 10⁸, koma mu `float32` amafika κ ikangokhala cha m'ma 4,000, nambala imene deta wamba imaidutsa mosavuta.

Choopsa koposa n'chakuti khodi siidandaula. Palibe kugawa ndi ziro, palibe `NaN`. Ndipo mukayesa A − QR mupeza pafupifupi 0: q₁ + √2·ε·q₃ ndi a₃ ndithu. Anthu ambiri amayesa chimenechi n'kukhutira, pomwe muyeso umene umaulula vuto ndi uwu:

```python
np.linalg.norm(np.eye(n) - Q.T @ Q)
```

Njira yokonzedwa, MGS

M'khodi ya pamwambayi sinthani mzere umodzi wokha:

```python
    R[i, j] = Q[:, i] @ v
```

Mthunzi uliwonse tsopano ukuyezedwa pa v, chotsala cha pa nthawi imeneyo, mithunzi yam'mbuyo itachotsedwa kale.

Zoopsa tiyambe nazo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Titachotsa q₁ pa a₃, v = (0, −ε, 0, ε) monga kale. Koma tsopano q₂ᵀv = ε/√2, osati 0. Tikachotsa mthunzi umenewu, v = (0, −ε/2, −ε/2, ε), ndipo q₃ = (0, −1, −1, 2)/√6. Apa q₂ᵀq₃ = 0. Zotsala ndi q₁ᵀq₂ ≈ −7 × 10⁻⁹ ndi q₁ᵀq₃ = −ε/√6 ≈ −4 × 10⁻⁹.

N'chifukwa chiyani kusintha kochepa chonchi kwabweretsa kusiyana kotere? Lembani zimene MGS yawerengera: q₂ᵀ(a₃ − r₁₃q₁) = q₂ᵀa₃ − r₁₃·q₂ᵀq₁. Gawo loyamba ndi la CGS. Gawo lachiwiri papepala ndi 0, n'chifukwa chake njira ziwirizi zimaoneka ngati imodzi. Pa kompyuta q₂ᵀq₁ si 0. Pochotsa q₁ pa a₃, mosadziwa timalowetsa kachidutswa ka mbali ya q₂, kotalika 7 × 10⁻⁹. CGS siikaona kachidutswaka chifukwa inayeza mithunzi yonse kuchotsako kusanachitike. MGS imayeza pambuyo pake, imakapeza, n'kukachotsa. Mwina munganene kuti 7 × 10⁻⁹ ndi kanthu kochepa. Poyerekeza ndi a₃, wotalika 1, n'kochepadi. Koma chimene timagawa ndi kutalika kwake si a₃, ndi chotsala, ndipo chotsalacho ndi chotalika 1.4 × 10⁻⁸ basi. Kachidutswako ndi theka lake.

Mwanjira ina, mu CGS cholakwa chimakulitsidwa kawiri: koyamba popanga q₂, kachiwiri cholakwa cha q₂ chikagawidwanso ndi chotsala chaching'ono cha a₃. Apa ndi pamene κ² imachokera. Mu MGS chotsala chilichonse chimapingasana bwino ndi q amene wangochotsedwa kumene, ndipo cholakwa chimakulitsidwa kamodzi. John Rice anaonetsa kusiyanaku poyesa pa kompyuta mu 1966, ndipo Åke Björck anatsimikiza mwamasamu mu 1967 kuti kupendekeka kwa MGS kumakula ngati κu. Kwa ife κu ≈ 2 × 10⁻⁸, zogwirizana ndi zimene tapeza.

Pali chifukwa china chozama. Björck ndi Christopher Paige anasonyeza mu 1992 kuti MGS, sitepe ndi sitepe, ndi chimodzimodzi ndi njira ya Householder yochitidwa pa matirikisi A yoikidwa maziro n × n pamwamba pake. Chotsatira chake n'chakuti R ya MGS ndi yabwino ngati ya Householder, ngakhale Q itapendekeka.

Koma "yokhazikika kuposa CGS" sizitanthauza "yopingasana mpaka pa u". MGS sibwerera m'mbuyo: itachotsa q₂, siionanso ngati kanthu ka q₁ katsalira. κ ikakhala 10¹², Q yanu imasunga madijiti anayi okha. Msampha wodziwika uli pa kupeza x wochepetsa ‖Ax − b‖. Mukawerengera Qᵀb mwachindunji ndi Q yopendekekayo, mwataya ubwino wa R. Choyenera ndi kuika b ngati mzati womaliza, [A b], n'kumudutsitsa mu MGS ngati mizati ina yonse; mithunzi imene ituluke ndi imene mumaigwiritsa ntchito ngati z pothetsa Rx = z. Mukatero yankho lake ndi lodalirika ngati la Householder.

Mtengo. Mafulopu ndi omwewo, 2mn². Chimene mumalipira ndi kudikirana: mthunzi wachiwiri sungayezedwe woyamba asanachotsedwe. Pa n = 50, imeneyo ndi miyeso 1,225 yotsatizana, uliwonse ndi `MPI_Allreduce` yake, pomwe CGS imafuna imodzi ya mithunzi pa mzati uliwonse. Ngati mizati yonse muli nayo kale m'manja, pali kalembedwe kena ka MGS: mukangopeza qᵢ, mumachotsa mthunzi wake pa mizati yonse yotsala nthawi imodzi. Manambala otuluka ndi omwewo, kudikirana kumachepa, ndipo mumatha kusankha mzati wotsala wautali koposa kuti ukhale wotsatira, zimene zimathandiza kuzindikira mizati yodalirana. Kalembedwe kameneka sikatheka mu GMRES ndi mu njira ya Arnoldi imene GMRES imadalira, momwe vekita wotsatira amabadwa kuchokera kwa q amene wangopezeka kumene.

Kupezeka. Mumalemba nokha, kapena mu PETSc mumaika `-ksp_gmres_modifiedgramschmidt`.

Kusamalira. Yang'anirani R[j, j]. Ikatsika kufika pafupi ndi u kuchulukitsa kutalika kwa aⱼ woyambirira, mzatiwo ndi wodalira anzake, ndipo chimene mukufuna kugawacho ndi zinyalala za kudula madijiti basi. Muutaye mzatiwo. Kuyesa `R[j, j] == 0` sikugwira kanthu, chifukwa ziro weniweni satuluka kawirikawiri. Samalaninso ndi `.copy()`: mukaiiwala mu NumPy, `v` amaloza mzati wa A womwewo, A imaonongeka, ndipo khodi imene mumati ndi CGS imasanduka MGS mwakachetechete.

Kubwereza kawiri, CGS2

Chotsala chikatuluka mu CGS, chidutsitseninso kachiwiri musanachigawe, ndipo phatikizani mithunzi ya maulendo onse awiri.

```python
a = A[:, j]
r = Q[:, :j].T @ a
v = a - Q[:, :j] @ r
s = Q[:, :j].T @ v
v = v - Q[:, :j] @ s
R[:j, j] = r + s
```

M'chitsanzo chathu ulendo wachiwiri umakonza vuto pagwero pake. Pa a₂, chotsala (0, −ε, ε, 0) chili ndi mthunzi −ε² pa q₁. Tikauchotsa, malo oyamba amasanduka ε², ndipo q₂ = (ε, −1, 1, 0)/√2. Tsopano q₁ᵀq₂ = 0, ndipo q₂ᵀa₃ imatuluka ε/√2, nambala yoyenera ija imene CGS inaiphonya.

Mtengo. Kawiri, 4mn². Koma zonse ndi `dgemv`, ndipo kudikirana n'kochepa, motero pa mapurosesa ambiri kapena pa GPU si zachilendo kuti CGS2 imalize msanga kuposa MGS yodutsa kamodzi.

Kupezeka. ARPACK imagwiritsa ntchito CGS yobwereza pakafunika, ndipo mu PETSc ndi `-ksp_gmres_cgs_refinement_type refine_ifneeded` kapena `refine_always`.

Kusamalira. Mukafuna kusunga mafulopu, mumabwereza pokhapokha chotsala chafupika kwambiri. Muyeso wa Daniel, Gragg, Kaufman ndi Stewart wa mu 1976 umati bwerezani ngati ‖v‖ yatsika pansi pa ‖a‖/√2. Ndi muyeso wosamala kwambiri, ndipo pa deta yovuta umabwereza pafupifupi mzati uliwonse. Zikatero ndi bwino kungobwereza nthawi zonse n'kuchotsa `if` m'khodi.

Zoopsa. Kupendekeka kumatsika kufika cha pa u, osadalira κ, malinga ngati κu ndi yochepa ndithu poyerekeza ndi 1. Mfundo yoti maulendo awiri ndi okwanira imatchulidwa ndi maina a Kahan ndi Parlett. Imalephera mizati ikakhala yodaliranadi: chotsala choyamba chimakhala zinyalala zokhazokha, ndipo ulendo wachiwiri umangozipingasitsa bwino zinyalalazo n'kukupatsani q wooneka wangwiro koma wosachokera mu deta yanu. Kuiwala kuphatikiza `s` mu R ndi cholakwa china chofala. Q imaoneka yabwino, QR n'kusiyana ndi A kuposa mmene iyenera.

Householder

Iyi si Gram-Schmidt, koma ndi imene aliyense wosankha ayenera kuyamba kuiganizira. Alston Householder anaifotokoza mu 1958. M'malo mochotsa mithunzi, imatembenuza matirikisi yonse ngati pagalasi, mzati ndi mzati, mpaka maziro atadzaza pansi. Q ndi zotembenuza zonsezo zitachulukitsidwa, ndipo popeza chilichonse ndi chopingasana mpaka pa u, Q nayonso imatero, kaya κ ndi yaikulu bwanji, ngakhale mizati itadaliranadi.

Mtengo. R yokha imafuna 2mn² − 2n³/3, ndipo kutulutsa mizati n ya Q kumafunanso chimodzimodzi. Pa matirikisi ya 1,000 × 1,000, R imadya 1.3 × 10⁹, kuchepera 2 × 10⁹ ya MGS. Pamodzi ndi Q ndi 2.7 × 10⁹. Pa matirikisi yaitali yopyapyala ija ya 100,000 × 50, R ndi Q pamodzi ndi pafupifupi 10⁹, mofanana ndi CGS2. Popeza LAPACK imagwira mizati m'magulu ndi kuchulukitsa matirikisi ndi matirikisi, liwiro lake pa fulopu iliyonse limaposa kutali lupu yolemba nokha.

Kupezeka. Palibe yoiposa: `dgeqrf` ndi `dorgqr` mu LAPACK, `dgeqp3` ngati mukufuna kusankha mizati, ndipo `numpy.linalg.qr`, `scipy.linalg.qr` ndi `qr` ya MATLAB zonse zimadalira LAPACK pa matirikisi odzaza.

Kusamalira. N'kochepa. Musapemphe Q yathunthu ya m × m ngati mukufuna mizati n yokha: pa m = 100,000 imeneyo ndi magigabaiti 80. NumPy imapereka yopyapyala mukapanda kunena. `scipy.linalg.qr` imafuna `mode='economic'`.

Zoopsa. Manambala a pa mzere wopingasa wa R amatha kukhala ndi −, ndipo q₁ wa chitsanzo chathu amatuluka atatembenuka, kuyamba ndi −1. Si cholakwa, koma mayeso oyerekeza ndi Gram-Schmidt amalephera mpaka mutafananitsa zizindikiro. Vuto lenileni ndi lakuti ma q sapezeka okha panjira, amabisika m'zotembenuza. Ngati mavekita akubwera limodzi limodzi, Householder imathekabe koma khodi yake ndi yovuta ndiponso yodula. Komanso ntchito za LAPACK zimayeza ndi xᵀy basi. Ngati muyeso wanu ndi xᵀMy, kapena ndi intigiralo ya mafankishoni, Gram-Schmidt imangofuna kusintha mzere woyezera mthunzi.

Mungakumanenso ndi njira yachidule yowerengera AᵀA n'kuigawa ndi Cholesky. Ndi yaliwiro, koma pa chitsanzo chathu AᵀA imatuluka ma 1 okhaokha, ε yonse itasowa, ndipo Cholesky imaima pa sitepe yachiwiri.

Iti, pati

Ngati matirikisi yonse muli nayo, ndi yodzaza, ndipo ikukwana m'memore, itanani `qr` ya laibulale. Palibe chifukwa cholembera Gram-Schmidt pamenepa, kaya mukufuna Q kapena mukuthetsa ‖Ax − b‖.

Ngati mavekita akubwera limodzi limodzi, monga mu GMRES, pa kompyuta imodzi, MGS ndi yokwanira. Paige, Rozložník ndi Strakoš anatsimikiza mu 2006 kuti GMRES ya MGS ndi yokhazikika: kupingasana kumatayika kwathunthu pokhapokha yankho litafika kale pa malire a kulondola kwake. GMRES yomweyo ikagawidwa pa mapurosesa ambiri, kudikirana kwa MGS kumadya nthawi, ndiye sankhani CGS2.

Ngati Q yeniyeniyo ndi imene mukuifuna yopingasana mpaka dijiti yomaliza, monga pofufuza maaigenivaliyu ndi Arnoldi kapena Lanczos, MGS yodutsa kamodzi siikwanira κ ikakula, bwerezani kawiri. Chimodzimodzi mu `float32`, momwe κ ya 10⁴ imasiyira MGS madijiti atatu okha.

CGS yodutsa kamodzi isiyireni kuwerengera kwa papepala, masamu a zizindikiro kapena a mafulakishoni enieni opanda kudula madijiti, ndi mavekita amene mukudziwa kuti ndi opingasana kale pafupifupi, monga mizati itatu ya matirikisi yozunguza imene yapendekeka pang'ono itachulukitsidwa kambirimbiri. Pamenepo κ ili pafupi ndi 1, ndipo κ²u ndi κu n'zofanana.